Kapaketi ka sinamoni kamene kankadyera pa msana wa mchere

Kwa zaka zinayi ndinali wowerengera ndalama pa kampani ina ku Limbe, yopakira zakudya zing'onozing'ono m'mapaketi: mchere, soda, yisiti, tsabola wogaya, jinja, sinamoni ndi zina zotero. Ukawerenga chilichonse pachokha, kuphatikiza kukula kosiyanasiyana kwa mapaketi, zinkakwana mitundu 64. Dzina la kampaniyo ndalisiya, ndipo manambala ndawasalaza kuti asavute kuwerenga, koma msana wa nkhaniyi ndi womwewo.

Tsiku lina bwana analowa mu ofesi yanga atanyamula paketi ya mchere ya 500g, osati yathu, ya kampani ina. Anaiponya pa tebulo.

"Awa akugulitsa K375 ku maholoselo. Inu mumandiuza kuti ife paketi yomweyi imatidyera K380 tisanaike n'komwe phindu. Ndiye awa akuutenga kuti mcherewu? Akuba?"

Ndinayankha zimene ndinkakhulupirira pa nthawiyo, kuti mwina akuzemba msonkho kapena akudzipha dala kuti atilande msika. Bwana anagwedeza mutu n'kutuluka. Ine ndinatsala ndikuyang'ana paketiyo, chifukwa K380 ija ndine ndinaiwerengera, ndipo mwezi uliwonse ndinkaisainira.

Mmene ndinkaipezera ndi mmene anthu ambiri tinaphunzirira m'kalasi. Paketi iliyonse ili ndi ndalama zimene ungaloze ndi chala: mchere uli mkatimo, pulasitiki yake, ndi malipiro a anthu amene anaipakira. Pa mchere zimenezi zinkakwana K350. Kenako pali ndalama zina zimene zimatuluka mwezi ndi mwezi koma sungaloze kuti zapita pa paketi iti: lendi, magetsi, dizilo wa jenereta, makalaliki, makaniko, alonda, mafoni. Izi ndi zimene owerengera ndalama timangoti maovahedi, ndipo kwathu zinkakwana K12 miliyoni pa mwezi. Njira yakale imati upeze muyeso umodzi wogawira mtolo wonsewu. Ife tinkagwiritsa ntchito maola a anthu opakira. Anthu 25, aliyense maola 160, ndiye kuti maola 4,000 pa mwezi. Ukagawa K12 miliyoni ndi maola 4,000 ukupeza K3,000 pa ola. Chinthu chilichonse chimasenza K3,000 pa ola lililonse limene chadya m'manja mwa opakira, basi nkhani yatha.

Pa ola limodzi la munthu tinkatulutsa mapaketi 100 a mchere, choncho paketi iliyonse inkasenza K30. Kuphatikiza ndi K350 ija, K380. Tinkagulitsa K400, phindu K20. Kapaketi ka sinamoni ka 25g nakonso kankatuluka 100 pa ola, ndiye nako kankasenza K30 yomweyo. Ndalama zake zolozeka zinali K330, mtengo wogulitsira K500, phindu K140. Mukuona chifukwa chake bwana ankakonda sinamoni ngati mwana wachisamba. Pa misonkhano ankauza ogulitsa malonda kuti mchere ndi wongokopera makasitomala, ndalama zili mu timapaketi ting'onoting'ono. Chaka chilichonse tinkawonjezera timitundu tina. Malonda ankakwera, koma phindu la pa chaka silinkasuntha, ndipo ofesi ya maoda inkapempha kalaliki wina.

Amene munakhalapo pa puloti ya malendi yokhala ndi mita imodzi ya magetsi mukudziwa kale vuto la njira imeneyi. Mayunitsi akatha, landilodi amagawa ndalama mofanana pa khomo lililonse, kapena malinga ndi kuchuluka kwa zipinda. Koma pali khomo lina limene lili ndi mababu awiri ndi wailesi, ndipo pali lina limene limaphika nyemba pa hotipuleti. Palibe amene wanama pa masamu, ndalama zonse zagawidwa mpaka tambala yomaliza. Kungoti wa mababu awiri uja akulipirira nyemba za mnzake.

Amene ananditsina khutu sanali wa maphunziro a zowerengera ndalama ayi. Anali kapitawo wa kumakina, bambo wachikulire wosalankhulalankhula. Ndinapita kukamufunsa chifukwa chake ovataimu yakwera, ndipo ndinamupeza atamasula makina opakira zaufa. Anali atangomaliza sinamoni, ankafuna kuyamba jinja. Ndinaima n'kumaonerera. Anachotsa fanelo ndi chitsulo chozungulira chimene chimakankha ufa, anazitsuka, kenako n'kudikira kuti ziume gwa, chifukwa kachinyezi pang'ono kokha ufa umaundana ndipo kulemera kwa paketi kumasokonekera. Anachotsa mpukutu wa pulasitiki yolembedwa sinamoni n'kukoleka wa jinja, anakonza kutentha kwa zomatira, anatulutsa mapaketi oyesera n'kumawaika pa sikelo imodziimodzi mpaka kulemera kutakhazikika. Mapaketi oyesera aja anapita m'chidebe cha zotaya. Zonsezi zinatenga ola ndi theka, anthu atatu ali chilili.

"Ndiye sinamoniyo munapakira nthawi yaitali bwanji?" ndinafunsa.

"Nthawi yake ndi yosachedwa, achimwene. Kutsukaku ndiye ntchito. Mchere ukauyamba Lolemba umangopita mpaka Loweruka. Timeneti, tsiku limodzi timasintha kangapo. Inu kuofesi mumawerenga mapaketi, ife kuno timawerenga kumasula."

Ndinabwerera kuofesi mawu amenewo akundizungulira m'mutu. Ndinali nditaiphunzira njira ya ABC, yogawira maovahedi potengera ntchito zimene chinthu chilichonse chimaitanitsa, pokonzekera mayeso, ndinayankha funso lake n'kukhoza, n'kuiiwala ngati mmene timaiwalira zambiri za mayeso. Njirayi anaitchukitsa ndi Robin Cooper ndi Robert Kaplan a ku Harvard chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ataona zimene zinkachitika m'mafakitale a ku America. Imodzi mwa nkhani zimene anaphunzitsira inali ya fakitale ya John Deere yopanga tizitsulo ta mathirakitala. Itayamba kupikisana ndi makampani ena pa mitengo, inapezeka kuti ikutchipa pa tizitsulo tovuta tofunidwa pang'onopang'ono, koma ikudula pa zitsulo zosavuta zofunidwa zambirimbiri, zomwe ndi zimene makina ake ankayenera kuchita bwino. Nditakumbukira zimenezi, paketi ya K375 ija inasiya kuoneka ngati ya akuba.

Njira yakale ija sinali yopusa pa nthawi yake. Fakitale ikamapanga zinthu ziwiri kapena zitatu zofanana, ndipo ndalama zambiri zikupita kwa anthu ogwira ndi manja, maovahedi amakhala kamtolo kochepa, ndipo ngakhale utakagawa molakwika sipawonongeka zambiri. Imayamba kunama pamene zinthu ziwiri zachitika limodzi: maovahedi akula, ndipo katundu wako wasiyana kwambiri pa kuchuluka kwake ndi pa chisamaliro chimene amafuna. Ganizo la ABC ndi lakuti ndalama sizidyedwa ndi katundu mwachindunji. Zimadyedwa ndi ntchito, ndipo katundu ndi amene amaitanitsa ntchitozo. Choncho umayamba wafunsa kuti anthu ndi makina amatanganidwa ndi chiyani, ntchito iliyonse imadya zingati, ndipo n'chiyani chimaichulukitsa. Kenako umawerenga kuti chinthu chilichonse chaitanitsa ntchitoyo kangati.

Zinanditengera milungu isanu ndi umodzi, madzulo ndi Loweruka. Gawo lovuta silinali masamu. Buku la ndalama limakuuza kuti malipiro ndi mwakuti, dizilo mwakuti, koma silikuuza kuti mayi wa kusitolo yosungira katundu amatha theka la tsiku akutolera timaoda. Zimenezo umafunsa, umakhala nawo, umawerenga mapepala. Ndinatenga kabuku ka kapitawo kolembamo kusintha makina, mafayilo a maoda ogulira zipangizo, ndi mainvoisi onse a miyezi itatu. Pomaliza K12 miliyoni ija ndinaigawa milu isanu.

Mulu woyamba unali kusintha makina: nthawi ya makaniko ndi ya anthu odikira, madzi, sopo, pulasitiki ndi ufa wotayika poyesa. Unakwana K3 miliyoni, ndipo tinkasintha ka 150 pa mwezi, ndiye kuti K20,000 ulendo uliwonse. Wachiwiri unali kugula ndi kulandira zipangizo, K1.8 miliyoni pa maoda 60, K30,000 pa oda. Apa pali mfundo imene anthu amavutika kuivomera: kuitanitsa matani 25 a mchere ndi kuitanitsa thumba limodzi la sinamoni zimadya nthawi yofanana ya kalaliki. Mafoni ndi omwewo, kuthamangitsa kotesheni n'komweko, kulandira, kuyeza, kulemba ndi kulipira n'komweko. Mulu wachitatu, womwe unandidabwitsa kukula kwake, unali kukonza maoda a makasitomala: kulemba invoisi, kutolera katundu pa mashelefu, kuwerenga, kulongedza, kukangana ndi woyendetsa galimoto pa zimene zasowa. K3.2 miliyoni. Chimene chimachulukitsa ntchito imeneyi si kuchuluka kwa mapaketi kapena kwa mainvoisi, koma mizere ya pa invoisi, chifukwa mzere uliwonse ndi ulendo wa munthu kupita pa shelefu. Inalipo mizere 8,000 pa mwezi, K400 pa mzere. Wachinayi unali kuyendetsa makina kwenikweniko, magetsi, dizilo ndi zokonzera, K2 miliyoni. Uwu wokha ndi umene umayendadi ndi maola, choncho ndinausiya pa maola 4,000 aja, K500 pa ola.

Wachisanu, K2 miliyoni ya lendi, alonda, malipiro a bwana ndi maodita, sindinaugawe. Palibe paketi imene imachititsa mlonda kubwera kuntchito. Ukayesa kupeza muyeso wogawira zoterezi umangobwerera ku bodza lakale uja utavala suti yatsopano.

Tsopano mchere ndi sinamoni. Mchere wa 500g tinkatulutsa mapaketi 100,000 pa mwezi. Makina ake tinkasintha kanayi kokha, K80,000. Maoda ogulira anali awiri, wa mchere ndi wa pulasitiki, K60,000. Unkapezeka pa mizere 600 ya mainvoisi, chifukwa ogula ankatenga mabelo, K240,000. Maola 1,000, K500,000. Zonse pamodzi K880,000, ndiye kuti K8.80 pa paketi, osati K30.

Sinamoni tinkagulitsa timapaketi 2,000 pa mwezi. Tinkamupakira kasanu ndi kamodzi, pang'onopang'ono, chifukwa ogulitsa malonda ankabwera ndi oda yadzidzidzi shelefu ili mbee, K120,000. Maoda ogulira awiri, chimodzimodzi mchere, K60,000. Mizere 400, popeza magolosale ankatenga timapaketi tisanutisanu, K160,000. Maola 20, K10,000 yokha. Zonse K350,000. Gawani ndi 2,000: K175 pa kapaketi.

Ndinabwereza katatu. Pa K500 ukachotsa K330 pamatsala K170, ndipo kapaketiko kankaitanitsa ntchito ya K175. Mwana wokondedwa uja ankaluza K5 pa kapaketi asanaperekeko ngakhale tambala ya lendi. Mchere, umene tinkaunyoza, unkatsala ndi K41.20 pa paketi, yomwe pa mapaketi 100,000 ikuposa K4 miliyoni pa mwezi. Wina anganene kuti ndakondera posiya mulu wachisanu. Chabwino, ugaweni pa maola monga kale: ukuwonjezera K5 pa paketi iliyonse, mchere K13.80, sinamoni K180. Chithunzi sichikusintha. Paketi ya mchere inkatidyera pafupifupi K364, ndipo anzathu a K375 aja ankapeza phindu lawo bwinobwino, masana dzuwa likuswa mtengo.

Mu Excel zonsezi si zamatsenga. Mitengo inayi ya ntchito ndinaiika pa mzere wachiwiri, kuchuluka kwa ntchito kwa chinthu chilichonse pa mzere wake, mapaketi ogulitsidwa mu B, ndiye mtengo wa pa paketi unkatuluka chonchi:

```
=SUMPRODUCT($C$2:$F$2,C5:F5)/B5
```

Nditakokera pansi pa mitundu yonse 64 n'kusanja kuyambira chopindulitsa kwambiri, ndinapeza zinthu zochepa pamwamba zikusenza kampani yonse, gulu lalikulu pakati likungobweza zake, ndi mchira wautali wa timitundu toluza. Kaplan anaona zofanana ndi zimenezi pa kampani ya ku Sweden yotchedwa Kanthal, yopanga mawaya otenthetsera, kungoti kumeneko anasanja makasitomala osati katundu. Makasitomala 20 mwa 100 alionse ankabweretsa phindu loposa kawiri la kampani yonse, ambiri ankangobweza zawo, ndipo 10 mwa 100 ankadya gawo lalikulu la phindu la anzawowo. Ena mwa oluzitsa kwambiri anali makasitomala akuluakulu, ogula zambiri koma mwa timaoda tosatha.

Apa ndi pamene ndinalakwitsa, ndipo ndi chifukwa chake ndalemba nkhaniyi. Ndinapita kwa bwana ndi pepala limodzi, mchira uja nditaupaka zofiira. Ndinali wonyada. Bwana anayang'ana kwa mphindi zingapo, n'kunena kuti, "Ndiye tikuchedweranji? Zofiirazi zichoke." Mwezi wotsatira tinasiya mitundu 15. Sinamoni anapulumuka chifukwa choti bwana sanathe kumutaya mtima, koma anzake anapita. Ine sindinatsutse. Pepala langa linkaonetsa kuti tikachotsa zoluza, phindu likwera ndi ndalama zomwe zinkaluzikazo.

Silinakwere. Linatsika.

Chifukwa chake n'chosavuta moti ndimachita manyazi. Mizere ya pa invoisi inatsikadi kuchoka pa 8,000 kufika pa 6,400. Koma makalaliki anali omwewo, mayi wa kusitolo ndi anyamata ake anali omwewo, malipiro awo K3.2 miliyoni yomweyo. K400 ya pa mzere sinali ndalama imene imabwerera m'thumba mzere ukachoka. Inali chabe muyeso wa mmene ntchito ikugwiritsidwira. Chimene chinachoka zenizeni ndi ndalama imene mitundu 15 ija inkatsala nayo ukachotsa zolozeka zake, ngati K170 ya sinamoni ija. Imeneyo inali ndalama yogwirika, yolowa ku banki, ndipo tinaitaya. Kuwonjezera apo, magolosale ena amene ankakonda kugula zonse pa galimoto imodzi anayamba kutenga ndi mchere womwe kwa amene anali ndi zonse. Pepala langa linkaona chinthu chilichonse pachokha, pamene wagolosale amaona dengu lonse.

Choopsa kwambiri chinabwera nditawerengeranso. K3.2 miliyoni kugawa ndi mizere 6,400 ndi K500 pa mzere. Mtengo wa kusintha makina nawo unakwera mwa njira yomweyo. Mwadzidzidzi mitundu ina isanu ndi umodzi imene inali yakuda inasanduka yofiira, osati chifukwa yasintha kanthu, koma chifukwa yalandira katundu wa anzake amene anachoka. Ndikanapita nalonso pepalalo kwa bwana, tikanadula imeneyonso, kenako ina, mpaka kutsala ndi mchere wokha ukusenza makalaliki onse. Galu wodziluma mchira. Vuto limeneli lilinso mu njira yakale, koma ABC imalikulitsa chifukwa manambala ake amaoneka olondola kwambiri moti munthu umawakhulupirira msanga.

Mankhwala ake ndi kusagawa ndalama ndi ntchito imene yachitika mwezi uno, koma ndi ntchito imene anthuwo angathe kugwira mwezi wabwinobwino. Ndinakhala ndi mayi wa kusitolo masiku awiri ndi wotchi m'manja, zimene sanazikonde poyamba, mpaka nditawalonjeza kuti si nkhani yochotsa anthu. Tinapeza kuti gulu lawo lingathe mizere 10,000 pa mwezi popanda kuthamanga ngati kwapsa nyumba. Ndiye mtengo weniweni wa mzere ndi K320, kaya mizere ichuluke kapena ichepe. Pa mizere 6,400 ntchito yogwiritsidwa ndi K2,048,000, ndipo K1,152,000 yotsalayo ndi mtengo wa manja amene alipo koma alibe chogwira. Imeneyo siiyenera kubisika mu paketi ya wina aliyense. Imaikidwa pa mzere wakewake, bwana aione, asankhe yekha: kudzaza manjawo ndi malonda atsopano, kuwasamutsira kwina, kapena kuwasunga podikira nyengo ya Khirisimasi. Kaplan ndi Steven Anderson anadzalemba za njira yoyezera ndi nthawi imeneyi mu 2004, ndipo chimodzi mwa zimene anadandaula nacho pa ABC yoyamba ndinachiona ndi maso anga. Ukafunsa munthu kuti nthawi yako umaigawa bwanji, magawo ake nthawi zonse amakwana 100. Palibe kalaliki amene angauze wowerengera ndalama kuti gawo lina la tsiku amangokhala. Nanenso sindinganene.

Zimene zinathandizadi sizinali kudula, koma kufunsa chifukwa chake sinamoni amaitanitsa ntchito yochuluka chotere. K175 ija sinali chibadwa cha sinamoni. Inali khalidwe lathu. N'chifukwa chiyani tinkamupakira kasanu ndi kamodzi? Chifukwa palibe amene ankakonza ndondomeko, tinkangoyankha kukuwa kwa ogulitsa malonda. Kapitawo ananena kuti atapatsidwa mpata angathe kupakira kawiri pa mwezi, ndiponso angasanje zaufa kuyambira zopanda fungo lamphamvu kupita ku zafungo, kuti kutsuka kwina kufupike. Ufa wa sinamoni womatidwa bwino sutha fungo m'milungu iwiri. N'chifukwa chiyani tinkagulitsa tisanutisanu? Chifukwa palibe amene analetsa. Tinayamba kumanga timapaketi 20 mu thumba limodzi, ndipo thumbalo ndi limene linkagulitsidwa. Amagolosale ena anang'ung'udza, ochepa anasiya, ambiri anangotenga thumba n'kudumpha milungu ingapo asanagulenso. Pa mitengo yoyamba ija, kusintha kawiri ndi K40,000, mizere 100 ndi K40,000, maoda ogulira K60,000, maola K10,000, zonse K150,000, kapena K75 pa kapaketi. Kuchoka pa kuluza K5 kufika pa kutsala ndi K95, mtengo wogulitsira osaukhudza.

Ulendo uno ndinali nditaphunzira, ndiye ndinauza bwana mosabisa kuti K200,000 yapulumuka pa sinamoniyo ndi ya papepala mpaka tsiku limene china chake chogwirika chisinthe. Zogwirikazo zinabwera pang'onopang'ono, titachita zomwezo pa timitundu tonse. Ovataimu ya kumakina inagwa, ndipo imeneyo ndi ndalama yeniyeni. Pulasitiki yotayika poyesa inachepa. Kalaliki wina atapeza ntchito kwina sitinalembe wina m'malo mwake. Maola amene makina ankakhala omasulidwa tinawapatsa mchere ndi soda, ndipo mchere tinautsitsa mtengo kwa ogula mabelo ambiri, tsopano tikudziwa pamene pali pansi penipeni. Pa mitundu 15 ija tinabwezeretsa isanu ndi inayi, m'matumba a 20.

Njira yakale sindinaitaye, ndipo sindilangiza munthu kuitaya. Mabuku a kumapeto kwa chaka ali ndi malamulo ake. Lamulo la IAS 2 lowerengera sitoko limafuna kuti maovahedi a kufakitale alowe mu mtengo wa katundu wotsala, ogawidwa motengera mmene fakitale imagwirira nthawi zonse, koma ndalama zogulitsira malonda sizilowamo. Mulu wanga waukulu kwambiri, wa mizere ya pa invoisi uja, ulibe malo mu sitoko. Ndipo pa cholinga chimenecho, kugawa pa maola n'kokwanira, chifukwa maodita akufuna kudziwa mtengo wa sitoko yonse, ndipo zolakwika za mchere ndi za sinamoni zimafafanizana kwambiri ukaziphatikiza. Tchimo lathu linali kutenga nambala yopangidwira maodita, kuithira ndalama za kuofesi, n'kumaikira mitengo ya malonda.

Sindinayesenso kuyendetsa ABC mwezi ndi mwezi. Ndinayesa miyezi iwiri, ndinatopa, ndipo kapitawo anayamba kulemba kabuku kake mongondisangalatsa. Kampani yaing'ono ilibe munthu wongokhalira zimenezo. Ndinkaibwereza kamodzi pa chaka, kapena pakachitika chachikulu, monga kwacha itagwa mu Novembala 2023 zipangizo zochokera kunja n'kukwera nthawi imodzi. Ndinakananso chiyeso chochulukitsa milu. Mnzanga wina wa pa kampani yogulitsa zitsulo za nyumba anapanga milu 30, mpaka wa tiyi wa alendo, ndipo palibe amene ankamvetsa pepala lake kupatula iye mwini. Milu inayi imene kapitawo angaimve n'kuitsutsa imagwira ntchito kuposa 30 imene palibe angaifunse funso. Manambala ake ndi ongoyandikira basi. K175 ija mwina inali K160 kapena K190. Chimene ndinali nacho chitsimikizo n'chakuti sinali K30.

Ngati mukufuna kudziwa ngati kampani yanu ili ndi matenda amenewa musanawononge milungu isanu ndi umodzi, zizindikiro zake tinali nazo zonse ife osaziwerenga. Opikisana nanu amakutchipirani pa katundu amene mumagulitsa kwambiri, koma pa timitundu tanu tapadera palibe amene akukulimbanani, ngakhale papepala timaoneka ta phindu lonona. Msika si wopusa chotero: chinthu chikanakhaladi ndi phindu la K140 pa K500, wina akanabwera kale. Mukakweza mtengo wa timitunduto, makasitomala sadandaula, chifukwa akudziwa kuti kwina sangatipeze pa mtengo umenewo. Malonda akukwera, anthu a muofesi akuchuluka, phindu laima. Ndipo anthu a kumakina amadana ndi katundu amene ofesi imamukonda. Pali kayezedwe ka ola limodzi: tengani zinthu zisanu zogulitsidwa kwambiri ndi zisanu zogulitsidwa pang'ono, ndipo pa chilichonse gawani mapaketi ogulitsidwa ndi mizere ya pa invoisi, kenako ndi maulendo osintha makina. Kwathu mchere unali mapaketi 167 pa mzere ndi 25,000 pa kusintha kumodzi. Sinamoni anali 5 pa mzere ndi 333 pa kusintha kumodzi. Manambala amenewa akayandikana pa katundu wanu yense, khalani ndi njira yakale, ABC ingokutayitsani nthawi.

Mlungu umene ndinkatsanzika pa kampaniyo ndinadutsa kumakina. Pakhoma panali pepala la ndondomeko ya mwezi lolembedwa ndi dzanja la kapitawo, sinamoni pa 5 ndi pa 19. Wogulitsa malonda wina anali pakhomo akuchonderera kuti amupakireko makatoni awiri a jinja lero lomwe, kasitomala wake akudikira ku Zomba. Kapitawo sanatukule n'komwe mutu pa sikelo.

"K20,000, achimwene. Kapempheni kwa bwana, akasaina ndimasula."